Kutsegula poti pa rauta kuti anzanu alowe m'seva yanu ya Minecraft

Kuyambitsa seva ya masewero a Minecraft kunyumba si ntchito yovuta. Munthu amatsitsa fayilo imodzi pa tsamba la minecraft.net, n'kuiyendetsa pa kompyuta, ndipo posakhalitsa ana onse amene ali pa waifai ya pakhomopo amakhala ali m'dziko limodzi, akukumba miyala ndi kumanga nyumba. Vuto limabwera tsiku limene msuweni wawo wa ku Lilongwe kapena wa ku Joni wafuna kulowa nawo. Amamutumizira nambala imene iwo amalowera, iye n'kuilemba bwinobwino, koma kompyuta yake imangodikira mpaka kulemba kuti `Connection timed out`. Seva ili moyo, intaneti ilipo mbali zonse ziwiri, koma mlendoyo sakufika. Nthawi zambiri chimene chamutsekereza ndi rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba, ndipo ikatero imakhala ikugwira ntchito yake moyenera.

Nkhani yake ili chonchi. Kampani imene imakugulitsani intaneti imapereka adiresi imodzi yokha ku nyumba yanu, ndipo adiresiyo imakhala pa rauta. Mafoni, laputopu ndi kanema wa m'nyumba zimalandira maadiresi ena amkati, amene rauta imagawa yokha. Kawirikawiri amayamba ndi 192.168, ena amayamba ndi 10, ndipo ena ali pakati pa 172.16 ndi 172.31. Maadiresi amkatiwa sadziwika kunja. Nambala ngati 192.168.1.37 ilipo m'nyumba zosawerengeka pa dziko lonse, choncho msuweni uja akailemba, kompyuta yake imakaifuna m'nyumba mwake momwemo, osati mwanu.

Foni yanu ikapempha tsamba pa intaneti, rauta imachotsa adiresi yamkati ija n'kuikapo yake yakunja, n'kulemba m'kaundula wake kuti pempholi lachokera ku foni yakutiyakuti. Yankho likabwera, imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake. Ntchito imeneyi pa masamba a rauta imalembedwa kuti NAT. Zimafanana ndi mmene anthu a m'mudzi amalandirira makalata kudzera pa keyala ya sukulu: bokosi ndi limodzi, olandira ndi ambiri, ndipo aphunzitsi aakulu amapereka kalata kwa munthu amene akumudziwa kuti ndiye mwini wake. Kalata imene yangofika pa keyalayo popanda dzina, yosayembekezeredwa ndi aliyense, ilibe kopita. Pempho la msuweni wofuna kulowa m'seva limafika motero. Palibe chipangizo cha m'nyumba chimene chinaliitana, m'kaundula mulibe, ndiye rauta imalitaya osayankha.

Chimene chimatithandiza n'chakuti uthenga uliwonse wa pa intaneti umanyamula nambala yachiwiri kuwonjezera pa adiresi. Nambala imeneyi ndi poti, ndipo imasonyeza pulogalamu imene uthengawo ukupitako. Mapoti amayambira pa 0 kulekezera pa 65535. Masamba a pa intaneti amagwiritsa ntchito 80 ndi 443, pamene seva ya Minecraft ya mtundu wa Java, imene imaseweredwa pa kompyuta, imamvetsera pa 25565. Kutsegula poti ndiko kulembera rauta lamulo limodzi lokhazikika: uthenga uliwonse wochokera kunja wofika pa poti 25565 uzipita ku kompyuta yakuti ya m'nyumba muno. Lamulo lonse ndi limenelo. Chimavuta n'chakuti nambala zonse za m'lamulomo zikhale zolondola, ndiponso kuti uthengawo ufike n'komwe pa rauta yanu.

Musanakhudze chilichonse, fufuzani izi

Malangizo ambiri amayamba ndi kukulowetsani m'masamba a rauta, ndipo funso lofunika kuposa onse amaliika kumapeto kapena kuliiwala. Funsolo ndi ili: kodi rauta yanu ili ndi adiresi yakeyake yakunja, kapena ikugawana ndi makasitomala ena? Ngati ikugawana, lamulo limene mungalembe silidzagwira ntchito ngakhale mutalilemba molondola chotani, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana n'kutaya tsiku la Loweruka lathunthu.

Gwero la vutoli ndi kuchepa kwa maadiresi. Dongosolo lakale la IPv4 lili ndi maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo bungwe la IANA, limene limawagawa pa dziko lonse, linapereka zigawo zake zomaliza mu February 2011. Pofuna kuti ochepa amene alipowo akwanire, makampani ambiri anaika rauta yawo yaikulu pakati pa makasitomala ndi intaneti, ndipo nyumba zambirimbiri zimatulukira pa adiresi imodzi. Njira imeneyi imatchedwa CGNAT. Zikatero pempho la msuweni limatayidwa ku rauta ya kampani, imene inu mulibe nayo mphamvu, lisanayandikire n'komwe nyumba yanu. Izi zimatikhudza kwambiri ife kuno, chifukwa mabanja ambiri amapeza intaneti kudzera pa simukhadi, kaya m'foni, m'kamaifai kapena mu rauta ya 4G, ndipo makampani a mafoni pafupifupi kulikonse amaika makasitomala awo wamba kuseri kwa CGNAT. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi ndi m'Zambia mu 2023, imachitanso chimodzimodzi pa mapulani ake a kunyumba.

Kufufuza kwake n'kwa mphindi zochepa. Lowani mu rauta, mmene tifotokozere patsogolopa, mupeze tsamba lolembedwa `Status`, `Internet` kapena `WAN`, ndipo lembani papepala adiresi imene ili pa `WAN IP`. Kenako, muli pa waifai yomweyo, tsegulani tsamba limene limakuuzani adiresi imene dziko likukuonerani, monga whatismyip.com. Ngati nambala ziwirizo zafanana, njira ilipo, pitirizani. Ngati zasiyana, pali chinachake pakati panu ndi intaneti. Adiresi ya pa `WAN` ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, palibe chokayikitsa, imeneyo ndi CGNAT, chifukwa chigawo chimenechi chinapatulidwa mu 2012 kuti chizigwira ntchito yomweyi. Makampani ena amagwiritsa ntchito maadiresi oyamba ndi 10 pa cholinga chomwecho.

Pali kusiyana kwina kumene kuli ndi mankhwala apafupi. Adiresi ya pa `WAN` ikayamba ndi 192.168, kawirikawiri zimatanthauza kuti m'nyumba mwanu momwemo muli marauta awiri: bokosi limene kampani inabweretsa, ndi rauta imene munagula nokha kuti waifai ifike kuchipinda. Apa mungachite chimodzi mwa zitatu. Mungalumikize kompyuta ya seva ku bokosi la kampani n'kulemba lamulo mmenemo. Mungasinthe rauta yanu kuti ikhale pa `Access Point Mode`, isiye kugawa maadiresi akeake. Apo ayi mungalembe lamulo kawiri, loyamba m'bokosi la kampani lolozera ku adiresi ya pa `WAN` ya rauta yachiwiri, lachiwiri mu rauta yachiwiriyo lolozera ku kompyuta. Ine ndimalimbikitsa njira yachiwiri, chifukwa imasiya malo amodzi okha oti mudzayang'anepo zinthu zikadzavuta.

Amene apeza kuti ali kuseri kwa CGNAT asataye mtima, koma asiye kulimbana ndi rauta. Afunse kampani yawo ngati imapereka adiresi ya pagulu ya IPv4. Ena amapereka pa malipiro owonjezera kapena pa mapulani a bizinesi okha. Ikakanika imeneyo, pali mapulogalamu monga Tailscale ndi ZeroTier amene amalumikiza makompyuta a anthu odziwana ngati ali m'nyumba imodzi, kungoti wosewera aliyense ayenera kuika pulogalamuyo pa kompyuta yake. Palinso playit.gg, imene imakupatsani adiresi yake n'kumakutumizirani osewera kudzera m'makompyuta ake. Njira zonsezi zimatheka chifukwa kompyuta yanu ndi imene imayamba kulankhula ndi kunja, ndipo zoterozo rauta iliyonse imalola.

Ntchito yeniyeni, ndi nambala zake

Tiyerekeze kuti mwafufuza ndipo nambala ziwiri zija zafanana: zonse zikuti 203.0.113.25. Adiresi imeneyi ndi yachitsanzo chabe, yochokera m'chigawo chimene chinasungidwira zolemba zophunzitsira, ndiye yanu idzakhala ina. Seva ili pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa ku rauta ndi waya. Waya ndi wabwino kuposa waifai pa ntchito imeneyi, chifukwa kompyuta ya seva ikangodukiza pang'ono, osewera onse amamva.

Yambani mwaonetsetsa kuti seva ikuyenda. Imayambitsidwa ndi lamulo lotere, m'foda imene muli fayilo yake:

```
java -Xmx2G -Xms2G -jar server.jar nogui
```

Ulendo woyamba imaima yokha n'kusiya fayilo ya `eula.txt`, imene muyenera kuitsegula n'kusintha `eula=false` kukhala `eula=true` mutawerenga malamulo a kampani ya Mojang. Mukaiyambitsanso, pakati pa mizere imene imatsika mudzaona wakuti `Starting Minecraft server on *:25565`, ndipo pamapeto pake mzere woyamba ndi `Done`. Kanyenyezi kali patsogolo pa 25565 kakutanthauza kuti seva ikumvetsera mbali zonse. M'fayilo ya `server.properties` muli mzere wa `server-ip=`, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti ayenera kulembapo adiresi yawo yakunja. Usiyeni wopanda kanthu. Kompyuta yanu ilibe adiresi yakunjayo, ili pa rauta, ndipo mukailemba pamenepo seva imakana kuyamba n'kudandaula kuti `FAILED TO BIND TO PORT`.

Tsopano tipeze nambala ziwiri. Tsegulani `Command Prompt` n'kulemba:

```
ipconfig
```

Mzere wa `IPv4 Address` ukupatsani adiresi yamkati ya kompyutayo, tinene kuti 192.168.1.37. Mzere wa `Default Gateway` ndi adiresi yamkati ya rauta, kwa ife 192.168.1.1. Marauta ena amakhala pa 192.168.0.1, ndipo a Huawei a simukhadi amakonda 192.168.8.1. Lembani adiresi ya rautayo pamalo polemba dzina la tsamba mu Chrome kapena Firefox, ndipo idzakufunsani dzina ndi pasiwedi. Pasiwedi imeneyi si ya waifai ayi, ndi ya woyang'anira rauta, ndipo ngati simunaisinthepo yalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa bokosi. Ngati ikadali `admin`, isintheni lero lomwe.

Musanalembe lamulo la poti, pali sitepe imene anthu amaidumpha n'kudzadabwa patapita sabata. Adiresi ija ya 192.168.1.37 kompyuta inangobwereka. Rauta imagawa maadiresi amkati kwa nthawi yochepa kudzera m'dongosolo la DHCP, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, chipangizo chimene chayamba kudzuka chingathe kulandira nambala imene inali ya china. Mawa lake 192.168.1.37 ikhoza kukhala foni ya amayi, kompyuta n'kukhala 192.168.1.41, pamene lamulo lanu likulozabe ku 37. Kwa ife amene magetsi amatizimira pafupipafupi, zimenezi sizichedwa kuchitika. Choncho pezani tsamba la `DHCP`, pomwe pali `Address Reservation` kapena `Static Lease`, musankhe kompyuta ya seva pa mndandanda, n'kuipatsa nambala yokhazikika, mwachitsanzo 192.168.1.50. Rauta imazindikira kompyutayo ndi nambala ya khadi lake la netiweki, imene `ipconfig /all` imaionetsa pa mzere wa `Physical Address`. Khadi la waya ndi la waifai ali ndi nambala zosiyana, ndiye sankhani la waya ngati ndi limene mukugwiritsa ntchito. Mukatero zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, ndipo `ipconfig` ionetse 192.168.1.50.

Lamulo lenilenilo limapezeka pa tsamba limene opanga marauta amalitcha mosiyanasiyana: `Port Forwarding`, `Virtual Server`, `Port Mapping`, kawirikawiri pansi pa `Advanced`, `NAT` kapena `Security`. Mabokosi odzaza amakhala ofanana ndithu ngakhale maina asiyane pang'ono. Pa chitsanzo chathu adzaoneka motere:

```
Service Name:   Minecraft
External Port:  25565
Internal IP:    192.168.1.50
Internal Port:  25565
Protocol:       TCP
Enable:         Yes
```

Mzere wa `Protocol` ndi wofunika kuumvetsa. Mauthenga a pa intaneti amayenda m'njira ziwiri zikuluzikulu. TCP imatsimikizira kuti chidutswa chilichonse chafika ndiponso mwadongosolo, pamene UDP imangotumiza mwachangu osadikira yankho. Poti 25565 ya TCP ndi poti 25565 ya UDP ndi zinthu ziwiri zosiyana. Minecraft ya Java imasewera pa TCP. Koma mtundu wa Bedrock, umene uli pa mafoni ndi pa makina a masewero, uli ndi seva yake ina imene imamvetsera pa 19132 ya UDP. Munthu amene watsegula 25565 ya TCP pamene akuyendetsa seva ya Bedrock walemba lamulo labwinobwino la seva imene alibe. Ndiponso osewera a pa foni sangalowe m'seva wamba ya Java, kaya poti yatsegulidwa kaya ayi. Ngati pa tsambalo pali bokosi la `Remote Host` kapena `Source IP`, lisiyeni lopanda kanthu, chifukwa limenelo limachepetsa anthu ololedwa kukhala a adiresi imodzi yokha.

Nambala ya `External Port` ndi ya `Internal Port` sizikakamizidwa kufanana. Tinene kuti m'nyumba yomweyo mchemwali wake wa mnyamata uja akufunanso seva yake pa laputopu ya 192.168.1.51. Poti yakunja ya 25565 yatengedwa kale, ndipo rauta singatumize poti imodzi ku makompyuta awiri. Mungalembe lamulo lachiwiri lakuti poti yakunja 25570 izipita ku 192.168.1.51 pa poti yamkati 25565. Anzake a mtsikanayo azilemba `203.0.113.25:25570`, pamene a mnyamatayo azilemba `203.0.113.25` basi, popeza masewerowa amadziwa okha kuti popanda nambala ina, poti ndi 25565.

Chotchinga chomaliza chili pa kompyuta yeniyeniyo. Windows ili ndi fayawolo yake imene imakana mauthenga osaitanidwa. Seva ikayamba koyamba, kawirikawiri pamatuluka kabokosi kofunsa ngati Java iloledwe, ndipo ambiri amangokatseka mofulumira kapena amalola pa `Private` pamene Windows inalemba netiweki ya m'nyumbayo kuti ndi `Public`. Musazimitse fayawolo yonse pofuna kuthana ndi zimenezi. Tsegulani `Command Prompt` posankha `Run as administrator` n'kulola poti imodzi yokhayo:

```
netsh advfirewall firewall add rule name="Minecraft" dir=in action=allow protocol=TCP localport=25565
```

Ngati kabokosi kaja munakatseka pokana, Windows imakhala italemba lamulo loletsa Java, ndipo lamulo loletsa limaposa mphamvu lololeza. Lipezeni pa `Inbound Rules` n'kulichotsa.

Kuyesa kuyambira pafupi

Zikakanika, anthu amayamba kusinthasintha chilichonse nthawi imodzi, mpaka osadziwanso chimene chinali bwino. Njira yabwino ndi kuyesa kuyambira pafupi kupita kutali, chifukwa pamene kuyesako kwalepherera ndi pamene pali vuto.

Yambani pa kompyuta ya seva yomweyo. Tsegulani masewerowo, pitani pa `Multiplayer`, kenako `Direct Connection`, n'kulemba `localhost`. Mukalephera kulowa apa, rauta ilibe mlandu, seva ndi imene siikuyenda. Mukalowa, pitani pa kompyuta ina ya m'nyumba momwemo n'kulemba 192.168.1.50. Uthenga umenewu sudutsa pa lamulo la poti lija, choncho ukakanika, yang'anani fayawolo kapena onani ngati adiresi yasintha. Onaninso kuti kompyuta yachiwiriyo isakhale pa waifai ya alendo, chifukwa marauta ambiri salola zipangizo za pa `Guest Network` kulankhula ndi za m'nyumba.

Kuyesa kwachitatu kuyenera kuchokera kunja kwenikweni. Apa m'pamene ambiri amanyengeka. Amakhala pa waifai ya m'nyumba n'kulemba adiresi yawo yakunja, zikakana n'kuganiza kuti lamulo lalakwika. Komatu marauta ena satha kulandira uthenga wochokera mkati wolunjika ku adiresi yawo yakunja n'kuubwezanso mkati. Amene amatha amati ali ndi `NAT Loopback`. Zimitsani waifai pa laputopu, muilumikize ku bandulo ya foni, ndipo yesani kuchokera pamenepo. Ngati pa laputopuyo palibe masewerowo, `PowerShell` ingakuuzeni:

```
Test-NetConnection 203.0.113.25 -Port 25565
```

Mzere wa `TcpTestSucceeded` ukati `True`, njira yatseguka. Tsamba la canyouseeme.org limachitanso ntchito yomweyi mukalipatsa nambala ya poti. Pa mayeso onsewa seva ikhale ikuyenda. Poti imene palibe pulogalamu yomvetsera imaoneka yotseka ngakhale lamulo la mu rauta lili lolondola. Dziwaninso kuti mayeso awiriwa ndi a TCP, ndiye sangakuuzeni zoona za seva ya Bedrock. Imeneyo imayesedwa ndi masewero enieniwo.

Mawu amene mnzanu akuona pa kompyuta yake alinso ndi uthenga, ndiye mufunseni akuwerengereni ndendende. `Connection timed out` amatanthauza kuti pempho linapita koma palibe chinayankha: latayidwa panjira ndi CGNAT, ndi rauta yopanda lamulo, ndi fayawolo, kapena lapita ku adiresi yakale. `Connection refused` amatanthauza kuti chipangizo china chinayankha kuti pano palibe womvetsera, ndipo kawirikawiri ndiye kuti seva yazima kapena nambala ya poti yalakwika. Akaona uthenga wonena kuti mtundu wa masewero ake sukugwirizana ndi wa seva, sangalalani, chifukwa ndiye kuti wafika mpaka pa seva ndipo ntchito ya rauta yatheka. Chatsala n'kuti nonse mukhale pa mtundu umodzi.

Pali vuto lina limene limadza mochedwa. Adiresi yakunja nayonso imasintha pa makampani ambiri, makamaka rauta ikazima. Dzulo anzanu analowa pa 203.0.113.25, lero nambala ndi ina. Mungamawatumizire yatsopano pa WhatsApp nthawi iliyonse, koma zimatopetsa. Marauta ambiri ali ndi tsamba la `Dynamic DNS` kapena `DDNS`. Mumalembetsa dzina kwa opereka ntchitoyi monga No-IP kapena DuckDNS, ndipo rauta, kapena kapulogalamu ka pa kompyuta, kamawadziwitsa adiresi ikasintha. Anzanu amasunga dzinalo m'malo mwa nambala. Maina aulere a No-IP amafuna kuti muziwatsimikizira pakatha masiku 30 alionse, apo ayi amachotsedwa. Dzina lotere silichiza CGNAT. Limangolozera ku adiresi imene muli nayo kale.

Ngati onse akulowa koma masewero akudukaduka kwa akutali okha, poti siikukhudzidwa. Zonse zimene osewera akunja amaona zimachoka m'nyumba mwanu kupita kwa iwo, choncho chofunika ndi liwiro lotumizira, limene pa mapulani ambiri a kunyumba ndi lochepa kuposa lolandirira. Wina m'nyumba akamatumiza mavidiyo, osewera amamva. Kuchepetsa `view-distance` mu `server.properties` kuchoka pa 10 kufika pa 6 kumachepetsa zotumizidwa. Ndipo ngati intaneti yanu ndi yowerengera magigabaiti, kumbukirani kuti mlendo aliyense akudya bandulo yanu.

Amene simunawaitane

Poti yotsegulidwa siisankha nkhope. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yawo ndi kuyesa adiresi iliyonse ya IPv4 pa mapoti odziwika, usana ndi usiku, ndipo 25565 ndi imodzi mwa odziwikawo. Kusauza anthu adiresi yanu sikubisa seva. Imapezeka ndithu, ndipo pali magulu amene amalowa m'maseva osatetezedwa n'kugumula zimene ena amanga. Kwa mwana amene wakhala miyezi akumanga mudzi wake, kuupeza utaphulitsidwa ndi chinthu chopweteka kwambiri. Choposa apo, mlendo wolowa m'seva amatha kulemberana mauthenga ndi ana anu popanda wamkulu aliyense kudziwa.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mndandanda wa ololedwa uyenera kuyatsidwa poti isanatsegulidwe, osati pambuyo pake. Pa windo limene seva ikuyendera lembani:

```
whitelist on
whitelist add DzinaLaWosewera
```

Bwerezani mzere wachiwiriwo pa mnzanu aliyense, ndi dzina lake la m'masewero. Wina aliyense adzabwezedwa pakhomo. Koma mndandandawu uli ndi mphamvu pokhapokha mzere wa `online-mode=true` ukasiyidwa mmene ulili. Mzere umenewu umachititsa seva kufunsa ku makompyuta a eni masewerowa ngati wolowayo alidi mwini wa dzina limene watchula. Anthu amausintha kukhala `false` kuti anzawo amene sanagule masewerowa alowe nawo, ndipo akatero aliyense angathe kudzitcha dzina lililonse, ngakhale la mwini seva, n'kutenga mphamvu zake zonse. Seva yotero isaikidwe poyera pa intaneti.

Pa masamba a rauta mudzaonanso chinthu cholembedwa `DMZ`, ndipo ena adzakuuzani kuti ndi njira yachidule. Imagwiradi ntchito, koma imatumiza ku kompyuta yanu mauthenga osaitanidwa a pa mapoti onse, osati imodzi yokha, kuphatikizapo 445 yogawanirana mafayilo ndi 3389 yoyendetsera Windows muli kutali. Mapoti awiri amenewa ndi amene akuba a pa intaneti amawasakasaka kwambiri. Musaike kompyuta ya banja mu `DMZ`. Pa chifukwa chomwecho, `Remote Management` ya rauta ikhale yozimitsa, ndipo poti 25575, imene seva ya Minecraft imalandirirapo malamulo ochokera kutali `enable-rcon` ikayatsidwa, isatsegulidwe.

Ngakhale poti imodzi yokhayo imadalira kuti pulogalamu yomvetsera kuseri kwake ikhale yolimba. Mu December 2021 kunapezeka chibowo mu Log4j, kachigawo ka Java kamene Minecraft imagwiritsa ntchito polemba zochitika, ndipo munthu ankatha kulamula kompyuta ya seva pongolemba mawu ena m'bokosi la macheza. Mojang inatulutsa mwachangu mtundu wa 1.18.1 wotseka chibowocho. Zoterezi zingadzachitikenso, ndiye seva ndi Java zizikhala za mtundu watsopano, ndipo ngati n'kotheka seva ikhale pa kompyuta imene mulibe zithunzi za banja, mafayilo a kuntchito kapena mapasiwedi a kubanki. Muzikoperanso foda ya `world` pa fulashi, mutaimitsa kaye seva ndi lamulo la `stop`, chifukwa magetsi akazima seva ili pakati polemba, mbali ina ya dzikolo ingawonongeke.

Makolo amene mwalola mwana kuchita zonsezi, khalani naye pamene akulemba lamulo mu rauta, muone ndi maso anu kuti poti ndi imodzi, `DMZ` ndi yozimitsa, ndipo maina a pa mndandanda ndi a ana amene mukuwadziwa. Pasiwedi ya rauta isungidwe ndi inu. Tchuthi chikatha ndipo seva yasiya kugwiritsidwa ntchito, lowaninso mu rauta mufufute lamulolo, muchotsenso la mu fayawolo ya Windows.